UTAWALEZA WA PA CHILWA NDI CHITHUNZITHUNZI CHA MUTU WANU

Nyengo ya dzinja anthu a m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, kuyambira pa doko la Kachulu kufikira m'midzi ya kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji, amaona utawaleza kawirikawiri. Dziko lawo ndi lathyathyathya, ndipo kuvuma kumene dzuwa limatulukira kulibe chotchinga maso kupatula chilumba cha Chisi ndi mapiri akutali. Tsono mvula ikamagwa panyanja dzuwa litapendeka, uta wonse umaoneka bwino kuchokera phazi lina kufikira phazi linzake, ndipo masiku ena pamwamba pake pamaima uta wachiwiri wosawala kwambiri.

Koma tikufuna owerenga athu akumbukire bwino. Kodi alipo amene anaona utawaleza dzuwa lili paliwombo? Kodi alipo amene anauona kumbali komwe kuli dzuwa? Funsani agogo a m'mudzi mwanu, ndipo adzakuuzani kuti wa madzulo umaima kuvuma, pamwamba pa nyanja, ndipo wa m'mawa umaima kuzambwe, cha ku phiri la Zomba. Zimenezi sizichitika mwangozi ayi. Utawaleza uli ndi malo ake amene suphonya, ndipo munthu aliyense angathe kuwapeza ndi mkono wake womwe.

PAKATI PA UTA NDI PATI?

Tsiku lina mukadzauona, imani chilili, dzuwa likhale kumsana kwanu, ndipo yang'anani pansi. Chithunzithunzi chanu chidzakhala chitagona kutsogolo, chitaloza pakati penipeni pa uta. Musunthe kumanja kapena kumanzere, chidzalozabe pakati. Utawo ndi chigawo cha mkombero waukulu, ndipo mtima wa mkomberowo uli pa chithunzithunzi cha mutu wanu. Dzuwa, mutu wanu ndi chithunzithunzi cha mutuwo zili pa mzere umodzi wowongoka ngati chingwe chokoka, ndipo utawaleza umazungulira chingwe chimenechi.

Kuti tiyeze kutalika kwake kuchokera pa mtimawo sitingagwiritse ntchito mapazi kapena mamita, pakuti palibe amene angakagwire utawo. Zinthu zakumwamba zimayezedwa ndi madigiri. Kuchokera kumene thambo limakumana ndi dziko kufikira paliwombo pali madigiri 90. Mukatambasula mkono wanu wonse ndi kufumbata nkhonya, nkhonyayo imaphimba madigiri ngati 10. Yesani nokha: yambani kumapeto kwa dziko, sanjikizani nkhonya pamwamba pa inzake, ndipo mukafika paliwombo mudzakhala mutawerenga pafupifupi 9. Mwana ndi wamkulu amapeza chimodzimodzi, chifukwa wa nkhonya yaing'ono mkono wakenso ndi waufupi.

Tsono ikani nkhonya yoyamba pa chithunzithunzi cha mutu wanu, muwerenge kulowera ku uta. Mudzapeza nkhonya zinayi ndi pang'ono. Amenewa ndi madigiri 42. Muwerenge cha kumwamba, cha kudzanja lamanja kapena cha kulamanzere, mudzapeza 42 yemweyo. Chaka chino ndi 42, chaka chamawa ndi 42, ku Kachulu, ku Jali ngakhale ku Ulaya.

Chinthu chimodzi chimene tonse timachidziwa chingatithandize kuona m'maganizo mmene zilili. Ganizani za denga la nkhokwe, limene mapaso ake onse amakumana pansonga. Ligonekeni cham'mbali, nsonga yake ikhale pa diso lanu, ndipo pakati pake paloze chithunzithunzi cha mutu wanu. Phaso lililonse latasuka madigiri 42 kuchokera pakatipo. Dontho lililonse la mvula limene lili pa mzere wa phaso lina, bola dzuwa likuliwomba, limatumiza mtundu m'diso mwanu. Lingakhale pafupi ngati pa mtengo wa mango wa pakhomo, lingakhale kutali pakati pa nyanja, zonsezo n'chimodzimodzi. N'chifukwa chake uta ndi wozungulira ngati mlomo wa dengalo. Chigawo cha m'munsi sitichiona chifukwa mapaso a m'munsi amagunda nthaka asanakumane ndi madontho okwanira.

Ndipo popeza nsonga ya denga ili pa diso lanu, mukayenda dengalo limayenda nanu. Mnyamata amene angathamangire phazi la utawaleza adzangotopa chabe. Anthu awiri oima pamodzi padoko saona uta umodzi, aliyense ali ndi wake wochokera ku madontho ake. Msodzi amene inu mukumuona ngati ali pa phazi penipeni pa uta, iye sakuona mitundu pa bwato lake. Akungonyowa ndi mvula basi, ndipo ngati akuona uta, akuuona kutsogolo kwake kuvuma.

M'KATI MWA DONTHO LIMODZI

Nanga 42 ameneyu amachokera kuti? Bwanji osakhala 30 kapena 60? Yankho lili m'kati mwa dontho la mvula, ndipo pano tipempha owerenga kuti ayende nafe pang'onopang'ono.

Aliyense amene anaimikapo nsungwi m'madzi oyera anaona kuti imaoneka ngati yathyoka pamene yalowera m'madzi. Nsungwiyo ndi yowongoka ndithu, chimene chathyoka ndi njira ya kuwala. Kuwala kukamachoka mumpweya kulowa m'madzi mopendeka kumakhota, ndipo kukamatuluka kumakhotanso. Kukalowa molunjika, osapendeka, sikukhota.

Dontho laling'ono la mvula likamagwa limakhala lobulungira ngati kampira. Tiyeni kuwala kwa dzuwa tikuyese mivi yambirimbiri youluka mbali imodzi, yonse yogundika pa donthoyo. Muvi ukalowa umakhota koyamba. Ukafika ku khoma lakumbuyo kwa dontho, kuwala kwambiri kumatulukira komweko n'kupita, koma pang'ono kumanjanja ngati pa kalilole n'kubwerera. Kobwererako potuluka kumakhota kachiwiri. Kulowa, kunjanja kamodzi, kutuluka: umenewu ndiwo ulendo wa kuwala kwa utawaleza woyamba, ndipo n'chifukwa chake dzuwa liyenera kukhala kumsana. Timaona kuwala kumene kwabwezedwa.

Tsono mivi yonse sibwerera njira imodzi. Kumene muvi ukatulukire kumadalira pamene walasa. Tiyeni tilembe mizere pa donthopo, kuyambira pakati pake, pamene tidzapatcha 0, kufikira m'mphepete mwake, pamene tidzapatcha 10. Muvi wolasa pa 0 umalowa molunjika ndi kubwerera njira yomwe unadzera. Wolasa pa 2 umabwerera utapatuka madigiri 11 kuchoka pa njira imene unadzera. Wa pa 5 umapatuka madigiri 28, wa pa 7 madigiri 38. Mpaka apa munthu angaganize kuti kupatukako kuzingokulirakulira. Koma taonani zotsatira. Wa pa 8 umapatuka 41. Wolasa pakati pa 8 ndi 9 umafika 42. Wa pa 9 wayamba kale kubwerera m'mbuyo, uli pa 41 ndi theka, ndipo yolasa kupitirira pamenepo imatsika msangamsanga. Palibe muvi ndi umodzi womwe umene umapyola 42. Amenewa ndiwo malire.

Chinsinsi chonse chili pa malirewa. Kuchokera pa 2 kufika pa 5 mivi yamwazikana pa madigiri 17, chotero kuwala kwake ndi kofooka ngati ufa wowazidwa pabwalo. Koma mivi yonse yolasa kuchokera pa 8 kufika pa 9 imatuluka pafupifupi njira imodzi, yothinana m'kati mwa digiri imodzi yokha. Zili ngati ng'ombe zimene zikuthamangitsidwa kulowera ku mpanda. Pabwalo zimayenda motayana, koma pa mpanda pamene zikutembenukira zimaunjikana. Kuwala kumaunjikana pa 42, ndipo mulu umenewo ndiwo timauona ngati uta.

Malirewa amaikidwa ndi zinthu ziwiri zokha: kubulungira kwa dontho ndi mphamvu imene madzi ali nayo yokhotetsa kuwala. Dontho lalikulu ndi laling'ono, onse ndi obulungira ndipo onse ndi madzi, chotero malire awo ndi amodzi. Mvula ikanakhala ya magalasi obulungira, uta ukanakhala waung'ono kwambiri, pakuti galasi limakhotetsa kuwala kuposa madzi.

Pali umboni wa zimenezi umene mungauone ndi maso. Mivi ija yolasa pa 2, pa 5 ndi pa 7 siinatayike. Imafika m'maso kuchokera ku madontho a m'kati mwa uta. Tsono yang'anitsitsani: thambo la m'kati mwa utawaleza limakhala lowala motuwira, pamene la kunja kwake limakhala lakuda. Ambiri sazindikira zimenezi kufikira wina atawauza, koma akaziona kamodzi saziphonyanso.

Nanga mitundu? Kuwala kwa dzuwa kumaoneka koyera, koma ndi mitundu yambiri yosakanizana, ndipo madzi sakhotetsa mitundu yonse mofanana. Wofiira umakhota pang'ono, ndipo malire ake ali pa 42 ndi kachidutswa. Wofiirira ngati maluwa a jakaranda umakhota kwambiri, ndipo malire ake sapitirira 41. Pakati pawo pali wa lalanje, wachikasu, wobiriwira ngati masamba ndi wobiriwira ngati thambo. Chotero lamba yense wa uta ndi wopapatiza, madigiri ngati 2 basi, wofiira kunja ndi wa jakaranda m'kati. Dontho limodzi limatumiza mtundu umodzi wokha m'diso mwanu pa nthawi imodzi. Likakhala pamwamba limakupatsani wofiira, likatsika pang'ono wachikasu, kenaka wobiriwira, mpaka lituluke m'lambamo, ndipo lina lalowa kale m'malo mwake. Uta umaoneka ngati waima chilili, koma madontho ake akusinthana nthawi yonse.

Zimenezi sizinadziwike tsiku limodzi. Cha m'ma 1300 anthu awiri amene sankadziwana, Kamal al-Din al-Farisi wa ku Perisiya ndi Theodoric wa ku Freiberg m'dziko la Jeremani, anadzaza madzi m'mabotolo agalasi obulungira, nawayesa ngati madontho aakulu, natsata njira ya kuwala m'kati mwake. M'chaka cha 1637 Mfalansa wina, René Descartes, anasindikiza masamu a mivi ija, atawerengera umodziumodzi ndi cholembera, ndipo anapeza malire amene tanenawa. Za mitundu anadzalongosola ndi Isaac Newton wa ku Mangalande, m'buku lake la 1704.

UTA WACHIWIRI

Mvula ikakhala yamadontho akuluakulu, dzuwa lili ngwee ndipo kumbuyo kuli mtambo wakuda, kunja kwa uta woyamba kumaoneka wina. Ena amati ndi chithunzi cha woyamba chimene chaonekera m'mitambo ngati pa kalilole. Si choncho ayi. Uli ndi madontho akeake, ndipo kuwala kwake kwayenda ulendo wina.

Tinanena kuti kuwala kumene kwanjanja kamodzi kumatuluka. Koma si konse kumene kumatuluka. Pang'ono kumanjanjanso kachiwiri m'kati momwemo, n'kutulukira pena. Pa kunjanja kulikonse kuwala kwambiri kumathawira kunja, chotero kotsalako ndi kochepa. Ndiponso lamba wa uta wachiwiri ndi wotambalala kuposa wa woyamba, ndiye kuwala kochepako kwamwazidwanso pamalo aakulu. N'chifukwa chake ndi wofooka, ndipo masiku ambiri suoneka n'komwe. Malo ake ndi madigiri ngati 51 kuchokera pa chithunzithunzi cha mutu, ndiye kuti nkhonya zisanu. Pakati pa mauta awiriwa pamalowa pafupifupi nkhonya imodzi.

Chizindikiro chake chachikulu ndi chakuti mitundu yake ndi yotembenuka. Wofiira uli m'kati, wa jakaranda uli kunja, kotero kuti mbali zofiira za mauta awiriwa zimayang'anana. Chifukwa chake ndi ichi. Munthu amene akuyenda, akatembenuka kwathunthu kuyang'ana kumene wachokera, timati watembenuka madigiri 180. Kuwala kwa uta woyamba kumatembenuka koperewera: wofiira umatembenuka 138, kutsala 42 kuti ukwane 180, pamene wa jakaranda, wokhota kwambiri uja, umatembenuka pafupifupi 140, kutsala 40 ndi pang'ono. Koma kuwala konjanja kawiri kumatembenuka kopyola: wofiira umafika 230, kupyola ndi 50, ndipo wa jakaranda umafika 233, kupyola ndi 53. M'mauta onse awiri wa jakaranda ndiwo watembenuka kwambiri. Kungoti mwa woyamba kutembenuka kwambiri kumauyandikizitsa pakati, pamene mwa wachiwiri kumaupititsa kutali.

Ndipo malire a uta wachiwiri nawonso ndi otembenuka. Mivi yonjanja kamodzi siipyola 42. Mivi yonjanja kawiri siitsika kuchepera 50. Chotero madontho amene ali pakati pa 42 ndi 50 alibe chotumiza m'maso mwanu, ngakhale dzuwa likuwawomba mofanana ndi anzawo. Pakati pa mauta awiri pamakhala lamba wakuda kuposa thambo lonse. Mgiriki wina, Alexander wa ku Aphrodisias, analemba za mdima umenewu cha m'ma 200, ndipo kufikira lero ophunzira amautcha ndi dzina lake. Ife tikuona kuti lamba wakudayu ndiye umboni wokoma kuposa wina uliwonse, pakuti amaonetsa kuti 42 ndi mpanda weniweni umene kuwala sikuulumpha.

NTHAWI YAKE KU KACHULU

Tsopano tibwerere ku funso loyamba lija, la dzuwa la paliwombo. Dzuwa likakwera, chithunzithunzi cha mutu chimayandikira ku mapazi. Likakhala madigiri 30 pamwamba pa malekezero a dziko, mtima wa uta umakhala madigiri 30 pansi pa malekezero a mbali inayo. Ndiye kuti msana wa uta umaonekera madigiri 42 kuchotsapo 30, kutsala 12. Lamulo lake ndi lomweli nthawi zonse: pa 42 chotsanipo kukwera kwa dzuwa. Dzuwa likakwera kupitirira 42 palibe chotsala, uta wonse wamira pansi.

Simufunika wotchi kuti mudziwe zimenezi. Zikani ndodo yowongoka pabwalo, yotalika mita imodzi kuchokera pa nthaka. Chithunzithunzi chake chikafika masentimita 111, dzuwa lili pa 42. Kunena mwachidule, ngati chithunzithunzi chanu ndi chachifupi kuposa msinkhu wanu, musavutike kufunafuna utawaleza pa dziko lathyathyathya ngati la kwa Mwambo.

Titenge tsiku la pakati pa mwezi wa Januwale ku Kachulu. M'mawa dzuwa limafika pa 42 nthawi itatsala pang'ono kukwana hafu pasiti 8, ndipo kuyambira pamenepo khomo latsekeka. Mvula ingagwe dzuwa likuwala 11 koloko kapena 1 koloko, uta suoneka. Khomo limatsekukanso 3 koloko itangopitirira ndi mphindi ngati 10. Pa 4 koloko dzuwa lili pa 30, chithunzithunzi cha ndodo ija ndi masentimita 173, ndipo uta ndi wogona, wokwera nkhonya imodzi ndi pang'ono pamwamba pa madzi. Pa 5 koloko dzuwa latsikira pa 16, chithunzithunzi chatalika pafupifupi katatu ndi theka kuposa ndodo, msana wa uta woyamba uli pa 26, nkhonya ziwiri ndi theka, ndipo wachiwiri uli pa 35, nkhonya zitatu ndi theka. Dzuwa likamalowa, cha m'ma kota pasiti 6, uta umakhala theka lathunthu la mkombero, wokwera nkhonya zinayi, ndipo umafiira kwambiri chifukwa dzuwa lenilenilo lafiira. Chotero uta umakwera pamene dzuwa likutsika. Sukula ayi, ukungotuluka m'nthaka.

Mwezi umenewu dzuwa limalowera chakumwera pang'ono kwa kuzambwe, ndiye mtima wa uta umapendekera chakumpoto kwa kuvuma. Pofika mwezi wa Meyi dzuwa limalowera chakumpoto, ndipo uta umasamukira chakumwera. Amene ali ndi mtengo kapena chulu chozindikirira angathe kuona kusamukaku chaka chilichonse.

Kuno kwathu dzuwa la masana limakhala pamwamba chaka chonse. Kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale limadutsa paliwombo penipeni, ndipo ngakhale mu Juni, pamene limatsika kwambiri, masana limafika madigiri 51. Palibe tsiku ndi limodzi lomwe limene munthu woima m'dambo la Chilwa angaone uta woyamba kumwamba 12 koloko masana. Anthu a ku Ulaya amauona masana m'nyengo yawo yozizira, chifukwa dzuwa lawo limayenda chapansi. Woima pamwamba pa phiri la Zomba ali ndi mwayi wina: ngati mvula ikugwa m'munsi mwake, mapaso a m'munsi aja amapeza madontho, ndipo angathe kuona uta wopitirira theka.

Ana a sukulu angayese zonsezi popanda kudikira mvula. M'mawa dzuwa lisanakwere, fulatirani dzuwa, yang'anani kumene kuli mthunzi wa nyumba kapena mitengo yakuda, vuvutani madzi m'kamwa ndi kuwapemerera mwamphamvu kuti atuluke ngati fumbi. Kauta kadzaoneka pafupi pomwepo, pa nkhonya zinayi kuchokera pa chithunzithunzi cha mutu. Kakapanda kuoneka, kawirikawiri cholakwa chimakhala chimodzi mwa ziwiri: mwapemerera molunjika pa chithunzithunzi m'malo mwa pambali pake, kapena kumbuyo kwa madziwo kuli khoma loyera limene likumeza mitundu.

KODI UMALETSA MVULA?

Ambiri amati utawaleza ukaoneka ndiye kuti mvula yatha. Mawuwa ali ndi choona pang'ono, pakuti uta sungaoneke ngati mitambo yaphimba thambo lonse. Pafunika mpata woti dzuwa lidutsire, ndipo mpata wotere umapezeka kawirikawiri mvula ikamakata. Koma utawo ulibe mphamvu pa mvula, monganso sutunga madzi m'nyanja. Chilwa inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mbali yaikulu inauma mu 2018, koma uta sufuna nyanja kuti uoneke. Umangofuna madontho ndi dzuwa.

Zimene uta umanena motsimikiza ndi ziwiri: kumene uli kukugwa mvula nthawi yomweyo, ndipo kumsana kwanu kuli mpata m'mitambo. Sunena kumene mvulayo ikupita. Azungu ali ndi mwambi wawo wotamanda utawaleza wa madzulo, ndipo kwawo uli ndi maziko, chifukwa mvula yawo imakonda kuchokera kuzambwe, chotero imene ili kuvuma yadutsa kale. Kuno mvula imadza ndi mphepo zosiyanasiyana, ndipo yambiri imachokera kuvuma komweko. Mayi amene wayanika mpunga kapena matemba, akaona uta pamwamba pa nyanja 4 koloko, asati mvula yapita. Ayang'ane kumene mitambo ikulowera. Ngati ikubwera kumtunda, madontho omwe akupanga utawo ndi amene adzanyowetse mphasa yake. Msodzi wofuna kupalasa kupita ku zimbowera achite chimodzimodzi, pakuti Chilwa ndi nyanja yosaya ndipo mphepo yotsogolera mvula imautsa mafunde msanga.

Uta ungakuuzeninso kuti mvula ili pafupi motani, mukayang'ana phazi lake. Ngati mitundu ikuoneka patsogolo pa phiri la Chisi, kuphimba mitengo yake, mvula ili pakati pa inu ndi chilumbacho. Ngati uta wadukira pamsana pa phirilo, mvula ili kuseri kwake. Ngati mitundu yayamba kuonekera patsogolo pa njedza za m'mphepete mwa nyanja, anulani zoyanika. Uta wa mitundu yowala kwambiri, wofiira wake ali psuu, umachokera ku madontho akuluakulu a mvula yamphamvu. Timadontho tating'onoting'ono, ngati ta chiperoni kapena ta nkhungu, timapereka uta wotuwa, nthawi zina woyera ngati ufa.

Pali zinthu zina ziwiri zimene anthu amazisokoneza ndi uta wachiwiri. Choyamba ndi mkombero umene umazungulira dzuwa kapena mwezi kukakhala timitambo topyapyala kumwamba kwambiri. Umenewo suchokera ku madontho koma ku tizidutswa ta madzi oundana. Uli mbali ya dzuwa, pa madigiri 22, nkhonya ziwiri kuchokera pa dzuwalo, ndipo ungaoneke ngakhale masana. Pouyeza bisani dzuwa kuseri kwa denga kapena mtengo, musaliyang'ane ndi maso.

Chachiwiri ndi chosowa, koma anthu a gombe la kuzambwe ali pamalo abwino ochionera. M'mawa kwambiri nyanja ikakhala bata, dzuwa limaonekeranso m'madzi, ndipo kuwala konjanja pamadzipo kumakwera m'mwamba ngati kuti kuli dzuwa lachiwiri pansi pa nyanja. Ngati nthawi yomweyo mvula ikugwa kumtunda cha ku Zomba, munthu wofulatira nyanja angathe kuona uta wina wochokera pa phazi lomwelo la uta woyamba, koma wokwera mowongoka kuposa uwo, nthawi zina mpaka kudula lamba wakuda uja. Pousiyanitsa yang'anani zinthu ziwiri. Uta wachiwiri weniweni umayenda motsatana ndi woyamba osakumana nawo, ndipo wofiira wake uli m'kati. Wa dzuwa la m'madzi umakumana ndi woyamba pa malekezero a dziko, ndipo wofiira wake uli kunja. Kamphepo kakangoyamba kugwedeza madzi, umazimirira n'kusiya anzake awiri aja ali chiimire.